Mwafika Pamsika: Chimene Chimakakamiza Kamzere ka Malonda M'mutu

Tiyerekeze kuti bambo wina ali ndi chigayo pafupi ndi msika wa paboma, ndipo wagula masekondi 30 pa wailesi ya m'dera lake. Atafunsidwa zomwe akufuna kuti anthu amve, iye akuti: "Bwerani mudzagayitse chimanga chanu pachigayo chathu chomwe chili pafupi ndi msika chifukwa timagaya ufa wosalala ndipo simudikira nthawi yaitali." M'mawu amenewa mulibe bodza, ndipo Chichewa chake n'cholongosoka. Koma tawerengerani munthu kamodzi, papite mphindi zisanu, kenaka mumuuze abwereze. Adzakuuzani kuti nkhani inali ya chigayo, mwina adzatchulako za ufa, koma mawu enieniwo adzakhala atauluka. Chiganizochi chili ndi maphatikizo oposa 50, ndipo kuchinena mosathamanga kumadya masekondi pafupifupi 10.

Ntchito ya wolemba kanyimbo kotsatsa malonda, kamene a pawailesi amakatcha jingo, ndi kufinya chiganizo chotere mpaka chitsale kamzere komwe mwana angakaimbe pobwera kusukulu popanda womuphunzitsa. Zida zake ndi zitatu: kugunda kwa mawu, kubwereza, ndi mathero omveka mofanana. Mabuku ambiri ophunzitsa luso limeneli analembedwa poganizira Chingerezi, motero amaika mathero ofanana patsogolo. M'Chichewa dongosolo lake ndi lina. Kugunda ndiko kumayamba, kubwereza n'kutsatira, ndipo mathero ofanana amathandiza pokhapokha wolemba akadziwa malo enieni pomwe khutu la Mchewa limawamvera.

Poyamba ndi bwino kudziwa chifukwa chake zidazi zimagwira ntchito. Munthu sasunga mawu m'mutu monga imasungira foni. Pokumbukira amachita kuwamanganso, ndipo pamene paiwalika amalowetsapo mawu ena a tanthauzo lomwelo. N'chifukwa chake uthenga wotumiza pakamwa umafika utasintha. David Rubin, katswiri wa ku Amerika wa za kukumbukira, anatulutsa buku mu 1995 lofotokoza mmene nyimbo zamakolo ndi timawu ta masewera a ana timadutsira mibadwo tisanasinthe kwenikweni. Mfundo yake inali yakuti kalikonse komwe kamanga mzere, kaya ndi tanthauzo, kugunda kapena kamvekedwe, kamachepetsa mawu omwe angakwane pamalo poiwalikapo. Tanthauzo lokha lingalole mawu makumi awiri. Mukawonjezera lamulo lakuti mawuwo akhale a maphatikizo awiri, atsala asanu. Mukawonjezeranso lakuti amveke mofanana ndi mawu ena a mumzerewo, atsala amodzi, ndipo munthu amawapeza ngakhale atakhala kuti anawaiwala.

Miyambi yathu inadutsa m'sefa yomweyi. Taonani wakuti "Mutu umodzi susenza denga." Mu-tu u-mo-dzi ndi maphatikizo asanu, su-se-nza de-nga ndi asanunso. Mbali yoyamba yadzaza ndi liwu la u, yachiwiri ikutha ndi "senza" ndi "denga", mawu omwe ali ndi e kenaka a. Wina atati "mutu umodzi sunyamula denga" tanthauzo silisintha, koma aliyense amva kuti china chake chatsimphina. Wakuti "Walira mvula, walira matope" wagwiritsa ntchito njira ina: mwa mawu anayi, awiri ndi amodzi omwewo, choncho oti uwaphunzire ndi atatu okha. Sitikudziwa amene anayambitsa miyambiyi, koma tikudziwa kuti yomwe inali yovuta kunena sinafike kwa ife.

Kuyamba ndi m'manja

Tibwerere kwa mwini chigayo. Choyamba ndi kumuuza chinthu chomwe sakonda kumva: kamzere kamodzi kamanyamula mfundo imodzi. M'chiganizo chake muli zitatu, malo, ufa wosalala ndi changu. Malo sangachoke, chifukwa munthu wokumbukira kanyimbo koma osadziwa kopita sanapindulitse aliyense. Pakati pa ufa ndi changu asankhepo chimodzi. Tinene kuti wasankha changu, poti amayi ambiri chomwe chimawatopetsa ndi kukhala pamzere dzuwa lonse ndiwo zikudikira kunyumba.

Kamzereko katalike bwanji? Mu 1975, Alan Baddeley ndi anzake ku Britain anapeza kuti mawu omwe munthu angawasunge m'mutu atangowamva ndi ochuluka ngati omwe angawatchule m'masekondi pafupifupi awiri. Chofunika si kuchuluka kwa mawu ayi, koma nthawi yowanenera. Izi zimatikhudza kwambiri ife, chifukwa mawu athu ndi aatali. "Mudzagayitse" ndi liwu limodzi papepala, koma pakamwa ndi maphatikizo asanu. Masekondi awiri kapena atatu amakwana maphatikizo 10 mpaka 14, ndipo ndiwo malire omwe wolemba ayenera kudziikira. Choncho amawerenga maphatikizo, osati mawu.

Powerengapo pali msampha umodzi. Pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limatha ndi lembo la liwu, a, e, i, o kapena u, koma pali m wina yemwe amaima payekha ngati phatikizo. Mu "mbuzi" ndi "mvula" m amamatirira ku lembo lotsatira, ndipo maphatikizo ndi awiri. Mu "msika", "mtengo" ndi "mlatho" m amatenga kanthawi kake: m-si-ka. Poimba, m ameneyu amatha kutsamira pa phatikizo la kumbuyo kwake, n'kumveka pam-si-ka, koma sasowa. Wolemba akamuiwala, woimba amapunthwa pamalo omwewo nthawi iliyonse, ndipo onse awiri amadabwa kuti chikuvuta n'chiyani poti papepala zikuoneka zofanana.

Tsopano kugunda. Mchewa akafika kumapeto kwa kachigawo ka mawu amakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumathero. Nenani "ndafika" ndipo mudzamva kuti fi watalika kuposa nda ndi ka. Nenani "ndikupita kumsika" ndipo si ndiye akokedwa. Izi timachita osaganiza, koma ndizo msana wa kanyimbo kalikonse ka m'Chichewa. Ng'oma kapena kuwomba m'manja kukagwera pa phatikizo lokokedwalo, mzere umamveka ngati kulankhula komwe kwangosanduka nyimbo. Kukagwera pa phatikizo lomaliza, monga zimachitikira anthu akatenga nyimbo ya Chingerezi n'kuipachika mawu athu, timamva chi-ga-YO ndi chi-ma-NGA, katchulidwe ka mlendo wongophunzira kumene chinenero. Anthu amaseka, ndipo akamabwereza amakhala akunyoza.

Mawu a maphatikizo atatu ndi chuma pa ntchito imeneyi, chifukwa amadzera limodzi ndi kugunda kwawo: lofupika, lalitali, lofupika. Ng'oma zambiri za magule athu zimayendanso patatupatatu, motero mawu otere amakhala m'malo mwake popanda kuwakankha. Taonani zomwe zingatuluke mu nkhani ya chigayo:

Mwafika pamsika,
mwagaya, mwaphika.

Wombani m'manja pa fi, si, ga ndi phi. Kuwomba kunayi, kotalikirana mofanana, ndipo mzere wonse ukutha m'masekondi awiri ndi theka ngati simukuthamanga. Mawu akuti "changu" mulibemo, koma changucho chikumveka m'kayendedwe kake: kufika, kugaya, kuphika, popanda "ndipo" kapena "kenaka" woima pakati. Mawu olumikizira otere ndiwo oyamba kutayidwa. Amadya maphatikizo koma sasiya chithunzi chilichonse m'mutu.

Wina anena kuti mwini chimanga sagaya, amagayitsa. Wogaya ndi mnyamata wa pachigayo. Akunena zoona, ndipo m'kalata ya ku ofesi tikanalemba "mwagayitsa". Koma mwa-ga-yi-tsa ndi maphatikizo anayi, ndipo kuwomba kwachitatu kungachedwe. Popeza anthu polankhula amanenadi kuti "ndakagaya", ine ndingasiye "mwagaya". Chomwe sindingalole ndi kupanga liwu lomwe palibe amalinena pongofuna kuti likwane. Palinso nkhani ya ulemu. "Wafika pamsika, wagaya, waphika" ikugunda chimodzimodzi, koma ikuyankhula kwa mayi wa ana asanu ngati kwa mwana. Mwayi wake ngwakuti "mwa" ndi phatikizo limodzi monga "wa", choncho ulemu pano sukudula kanthu. Polamula ndi pomwe umadula: "gaya" ndi awiri, "gayani" ndi atatu, ndipo wolemba ayenera kukonzeratu malo a ni ameneyo.

Mathero omwe khutu limamva

Apa ndi pomwe olemba ambiri atsopano amadzinamiza. Amalemba zotere: "Chimanga timagaya, ufa timasefa, makasitomala timawakonda," n'kusangalala kuti mizere yonse yatha ndi a. Koma m'Chichewa pafupifupi mneni aliyense amatha ndi a, ndipo mayina ochuluka nawonso. Kudalira a wa kumathero kuli ngati kutuma mwana kuti akapeze munthu pamsika n'kumuuza kuti wavala malaya. Sikuchepetsa kanthu. Khutu silikumva n'komwe ngati luso, chifukwa timalankhula choncho tsiku lonse.

Kufanana komwe kumamveka kumayambira pa lembo la liwu la phatikizo lokokedwa lija mpaka kumapeto. Fika, msika, phika: onse ali ndi -ika, ndipo chosiyana ndi chomwe chili kutsogolo kwa i. Ndiye munthu akakumbukira "mwafika" ndi "mwaphika" koma waiwala malo, mutu wake umafuna malo omveka -ika, ndipo "pamsika" amabwera okha. Imeneyi ndi mfundo ya Rubin ija ikugwira ntchito, ndipo ikutiphunzitsa lamulo lalikulu pa zonse: chinthu chomwe mukufuna kuti chisaiwalike, dzina la katundu kapena malo, chikhale pamalo a mathero ofananawo. Dzina likakhala pakati pa mzere, pomwe dzina lina lililonse la maphatikizo omwewo lingalowe, mwalembera kanyimbo mnzanu wopikisana naye. Kuyesa kwake n'kosavuta. Chotsani dzina lanu, ikanipo la chigayo china. Ngati kanyimbo kakumveka bwinobwino, sikanakhale kanu.

Onaninso kuti "mwagaya" sakufanana ndi anzake atatuwo, ndipo n'zadala. Mawu onse anayi akanatha ndi -ika, khutu likanatopa, komanso "fika" ndi "phika" amasiyana pa liwu limodzi lokha, moti pa kawailesi kakang'ono akanasokonezana akanagundana. "Mwagaya" amawalekanitsa, amachititsa womvera kudikira kuti -ika abwerenso, ndipo akabwera pa "mwaphika" mzere umamveka kuti watsekeka. N'kwabwinonso kuti "msika" ndi dzina pomwe enawo ndi aneni. Kufananitsa aneni okhaokha a mchira umodzi, monga "oneka", "theka" ndi "dyeka", n'kophweka kwambiri moti sikudabwitsa munthu.

Mathero ofanana ali ndi ngozi yake: amakoka wolemba kupita komwe sanafune. Mnzanga wina akanatha kulemba kuti "Mwafika pamsika, simudzavutika." Maphatikizo akukwana, -ika alipo, tanthauzo ndi labwino. Koma wombani m'manja. Kugunda kukugwera pa mu ndi ti, ndipo si, yemwe wanyamula kukana konse, ali pamalo ofooka, asanayambe kugunda. M'minibasi momwe injini ikulira ndipo kondakitala akuitanitsa ndalama, si ameneyo amamezedwa, n'kutsala "mudzavutika". Ngakhale atamveka, liwu lomwe lakhala pamalo olemekezeka a kumathero ndi "vutika", ndipo ndilo lidzamatirire ku chigayocho. Anyamata a pamsika sangachedwe kuchotsa si dala. Choncho pamalo amphamvu pakhale zomwe mukulonjeza, osati zomwe mukukana.

Pali chifukwa china chosamalira chida chimenechi. Mu 2000, Matthew McGlone ndi Jessica Tofighbakhsh ku Amerika anapatsa anthu timiyambi ta Chingerezi tosadziwika kwenikweni, tina tili ndi mathero ofanana, tina atatisintha liwu limodzi kuti tanthauzo likhale lomwelo koma kufananako kuchoke. Anthu anaona timiyambi ta mathero ofanana ngati toona kwambiri kuposa tinzake. Chomwe chimalowa m'khutu mosavuta timachiyesa choonadi. Kwa wotsatsa malonda imeneyi ndi mphamvu. Kwa wogula ndi chenjezo, makamaka kanyimbo kakamalonjeza za mankhwala kapena ngongole. Ofufuzawo anapezanso kuti anthu akauzidwa kuti asiyanitse kukoma kwa mawu ndi zomwe mawuwo akunena, kukopekako kumachepa.

Nanga chigayo chikanakhala pamlatho? Mawu otha ndi -atho ndi osowa, ndipo kuwasakasaka kungangobala zopusa. Pamenepo wolemba asiye mathero, atenge zida zomwe Chichewa chili nazo zambiri. "Pamlatho, pamlatho, ufa mbee, pamlatho." Kuwomba kukadali kunayi, malo atchulidwa katatu, ndipo mvekero "mbee" wachita ntchito ya chiganizo chonse chofotokoza kuyera kwa ufa m'phatikizo limodzi lokoka. Amvekero monga mbee, phwii, gwa ndi psuu ndi afupi, ali ndi chithunzi, ndipo ana amakonda kuwatchula. Ndimadabwa kuti timanyimbo tambiri ta pawailesi timawasiya n'kumalimbana ndi mawu aatali a m'malipoti.

Kubwereza, kutsogolo ndi kumbuyo

Chingerezi chimafananitsa michira ya mawu. Chichewa chimafananitsa mitu mwachibadwa. Dzina likayamba ndi chi, mawu otsatira amagwirizana nalo: chigayo chathu chachangu chili. Likayamba ndi ka kapena ti, chimodzimodzi. Mumzere wathu mwa wabwera katatu, ndipo ndiye akupatsa mzerewo mapazi. Komabe izinso zikachuluka zimasanduka ngati a wa kumathero uja. Zimamveka ngati luso pokhapokha liwulo likalowanso m'kati mwa mawu enieni, monga mu "chigayo chachangu", momwe ch wachitatu sanabwere chifukwa cha lamulo la chinenero koma chifukwa wolemba anasankha "changu" m'malo mwa "liwiro".

Tingagwiritse ntchito mawu amenewa kutseka dzenje lomwe latsala. Mzere wathu sunatchule chigayo. Tiwonjezere kachigawo kofunsa ndi kuyankha:

Mwafika pamsika,
mwagaya, mwaphika.
Chigayo chachangu?
Pamsika!

Mzere wachitatu aimbe munthu mmodzi, wachinayi gulu. Kuyambitsa ndi kuvomera tinakulira momwemo, kuyambira pa "tili tonse" wa nthano mpaka nyimbo za pamtondo ndi za kutchalitchi, choncho womvera amadziwa yekha kuti mbali yachiwiriyo ndi yake. Mzere womaliza ndi waufupi ndi theka, ndipo mpata wotsalawo ukhale chete kapena ng'oma yokha. Patapita masabata angapo kanyimbo kakuulutsidwa, mukhoza kuchotsa yankho m'kubwereza komaliza, n'kusiya funso lokha. Womvera amayankha yekha mumtima, ndipo liwu lomwe munthu walitulutsa yekha amalikumbukira kuposa lomwe wangolimva.

Kubwereza kumachita zoposa kukhomerera. Mu 1995 Diana Deutsch, wa pa yunivesite ya California ku San Diego, akukonza mawu ake omwe anajambula, anasiya kachidutswa ka chiganizo kakuzungulira kokha. Patapita kanthawi anamva ngati wina akuimba, chonsecho anali mawu ake olankhula, osasinthidwa. Kubwereza kokha kunachititsa khutu kusiya kutsata tanthauzo n'kuyamba kumva kukwera ndi kutsika kwa mawu. Oitanira minibasi ndi ogulitsa pamsika sanawerenge za mayi ameneyu, koma dzina la malo likanenedwa kambirimbiri limasanduka kanyimbo m'kamwa mwawo. Kwa wolemba jingo phindu lake ndi ili: njira yabwino yopezera maimbidwe ndi kunena mzere mokweza kakhumi kapena kupitirira, kumvetsera komwe mawu akukwera okha, n'kutsata pomwepo.

Izi n'zofunika kwambiri m'Chichewa chifukwa kukweza ndi kutsitsa mawu kumasintha tanthauzo. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wogulira katundu amalembedwa mofanana, koma woyambayo amakwera pa te. Choopsa kwambiri kwa wamalonda ndi "timagaya". Mukakweza pa ti, mukunena kuti ndiyo ntchito yanu ya masiku onse. Mukayamba motsika n'kukweza pa ma, mukunena zomwe zinkachitika kale, ngati kuti chigayo chinatsekedwa. M'nyimbo yaitali oimba amaphwanya malamulowa ndipo womvera amatola tanthauzo kuchokera ku mizere ina. Kamzere ka mawu anayi kalibe mizere ina yokapulumutsa. Woimba zida akabwera ndi maimbidwe omwe anawapeka mawu asanalembedwe, wolemba ayese mzerewo polankhula ndi poimba, amve ngati ukunenabe chinthu chimodzi.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti mawu alionse akaimbidwa amakumbukika kuposa olankhulidwa. Kafukufuku wa Wanda Wallace wa mu 1994 anaonetsa kuti zili ndi malire. Anthu atamva ndime zitatu zoimbidwa ndi maimbidwe amodzi, anakumbukira mawu kuposa omwe anangowamva akulankhulidwa. Koma ndime ikakhala imodzi yokha, kapena ndime iliyonse ikakhala ndi maimbidwe akeake, phindulo limasowa. Maimbidwe achilendo ndi katundu wina woti mutu usenze. Amayamba kuthandiza akazolowereka. Ndiye m'masekondi 30 aja, kanyimbo kaimbidwe koyamba, wolankhula anene zina zonse m'masekondi 15 a pakati, kenaka kaimbidwe kawiri kumapeto, mosasintha ngakhale pang'ono. Motero "pamsika" amveka kasanu ndi kamodzi, ndipo maimbidwe katatu. Chiyeso chomwe chimagwera oimba aluso ndi kukometsera kubwereza kwachiwiri, kukweza apa, kupotoza apo. Pa siteji zimakoma. Pano zikuwononga chomwe mwalipira.

N'chifukwa chakenso otsatsa akale ankakonda kubwereka maimbidwe odziwika kale. Kanyimbo ka chakudya cha m'mawa cha Wheaties, komwe kanaulutsidwa ku Minneapolis mu Disembala 1926 ndipo kamatchulidwa kawirikawiri ngati koyamba pa wailesi, kanatsamira pa nyimbo yomwe inali yotchuka nthawiyo. Ka Pepsi ka mu 1939, kolembedwa ndi Alan Kent ndi Austen Croom-Johnson, kanatenga maimbidwe a nyimbo yakale ya alenje a ku England. Njirayi imagwira, koma nyimbo ya woimba wa masiku ano ili ndi mwini, ndipo kuno kwathu bungwe la COSOMA lilipo poteteza zimenezo. Kutenga popanda chilolezo ndi mlandu. Nyimbo za maliro, za chinamwali kapena za mapemphero nazonso zili ndi eni ake a mtundu wina, omwe sangakondwe kuzimva zikugulitsa ufa.

Kanyimbo ka Pepsi kaja kali ndi phunziro lina. Kanamangidwa pa mtengo: botolo lalikulu pa masenti asanu. Kanagwira mtima kwambiri moti zinthu zitakwera mtengo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mawu ake anayenera kusinthidwa. Kwa ife nkhaniyi si yakutali. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense yemwe anali ataimbitsa mtengo wa katundu wake anatsala ndi kanyimbo konama. Mtengo, maola otsegulira ndi nambala ya foni zikhale m'kamwa mwa wolankhula wa pakati, momwe zingasinthidwe popanda kukhudza kanyimbo. Nambala ya foni ili ndi vuto lapadera: manambala khumi alibe tanthauzo lowamanga, ndipo aliyense angalowe m'malo mwa mnzake. Ngati n'kofunika kuitchula, idulidwe m'magulu a atatu kapena anayi, ndipo magulu omwewo anenedwe mofanana nthawi zonse.

Kuulutsa kambiri kuli ndi polekezera. Kanyimbo kongomveka kumene kamakoma pang'onopang'ono pamene anthu akukazolowera, koma kakapitirira muyeso kamayamba kunyansa, ndipo dzanja limapita pa batani. Mankhwala ake si kusintha mzere. Sinthani nkhani ya pakati, mawu a wolankhula, ngakhale zida zoimbira, koma mawu anayi aja ndi maimbidwe ake zikhale chomwecho zaka ndi zaka.

Musanalipire situdiyo, yesani mzerewo pa anthu omwe sanauonepo papepala, ndipo asakhale abale a mwini chigayo, poti iwo adzangoyamikira. Aimbireni kawiri pa sipika ya foni, pamalo aphokoso, chifukwa ndi momwe ambiri adzaumvere. Musawafunse ngati wakoma. Apempheni awombe m'manja. Ngati awomba malo osiyanasiyana, kugunda sikunakhazikike. Kenaka dikirani mpaka mawa, muwapatse liwu loyamba lokha, amalize okha. Zomwe alakwitse ndizo zikuuzeni pokonza. Akasintha liwu n'kuikapo lina la tanthauzo lomwelo, ndiye kuti liwu lanulo silinamangidwe ndi kugunda kapena kamvekedwe, ndipo nthawi zambiri lomwe aikapolo ndilo labwino. Akadumpha kachigawo konse, mzere watalika. Akang'ung'udza maimbidwe bwinobwino koma mawu osatuluka, zida zaphimba woimba kapena maimbidwe apotoza katchulidwe. Akaimba zonse molondola koma mutawafunsa kuti chigayocho chili kuti n'kuyamba kukanda m'mutu, dzina la malo lichotsedwe pomwe lili, lipite pa kuwomba komaliza, ndipo muyesenso ndi anthu ena.